Chifukwa chake katemera wa fuluwenza wa chaka chatha sakwanira chaka chino

Mwana akabayidwa katemera wa chikuku kawiri, makolo amasunga khadi n'kuiwala za chikuku. Chitetezocho chimakhala mpaka mwanayo kumera imvi. Ambiri mwa akatemera a chikuku amene akugwira ntchito lero anachokera ku kachilombo kamene madokotala anatenga mwa mwana wina wa ku Boston, ku America, mu 1954, ndipo mpaka pano sipanafunike kukasintha. Koma wachibale wanu amene akusamalira okalamba ku Leeds, kapena amene ali ndi matenda a shuga ku Johannesburg, amaitanidwa chaka chilichonse kuti akabayitsenso katemera wa fuluwenza. Ena amati ndi malonda chabe a opanga mankhwala. Ena amati katemerayo ngwosalimba. Nkhani yeniyeni ili pa kamalo kakang'ono kwambiri ka pakhungu la kachilombo ka fuluwenza, ndiponso pa kalendala ya anthu opanga katemera, imene nthawi zonse imatsalira m'mbuyo ndi miyezi ingapo.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene ife timazitchula ndi dzina limodzi. Mamina, kuyetsemula ndi kukanda pakhosi kumene kumabwera pang'onopang'ono munthu akugwirabe ntchito zake, nthawi zambiri kumayamba ndi tizilombo tina tambirimbiri tosakhudzana ndi nkhani yathu ino. Fuluwenza ndi ina. Imagwira mwadzidzidzi: m'mawa munthu ali bwino, madzulo thupi latentha, mutu ukuwawa, m'thupi monse mwaphwanya ngati wamenyedwa, chifuwa chouma, ndipo amagona masiku angapo. Kwa okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo chawo chatsika, imatha kutsegulira njira chibayo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti chaka chilichonse imapha anthu pakati pa 290,000 ndi 650,000 kudzera m'matenda a m'mapapo. Katemera amene tikukambayu ndi wa fuluwenza yokha. Chimfine wamba sachidziwa n'komwe.

Tizilombo ta fuluwenza timene timazungulira mwa anthu chaka ndi chaka ndi ta mitundu iwiri, A ndi B. Mu mtundu wa A muli magulu awiri amene tikukhala nawo masiku ano, H1N1 ndi H3N2. Zilembo H ndi N zikuimira mapuloteni awiri amene amatuluka pakhungu la kachilomboko ngati zisonga. Ya N, nyuraminidezi, imadula timaunyolo kuti tizilombo tatsopano tichoke pa selo limene tabadwiramo. Ya H, hemagulutinini, ndiyo imagwira selo la pakhosi kapena la m'mphuno kuti kachilomboko kalowe. Maonekedwe ake ali ngati bowa: tsinde loloza pansi ndi mutu pamwamba. Pamutu pali kadzenje kamene kamakola selo lathu. Munthu akadwala fuluwenza kapena akabayidwa katemera, thupi limapanga maantibodi, amene ambiri timangowatchula kuti asilikali a m'thupi, ndipo ochuluka mwa amene amaletsadi matenda amakamamatira pamutu pomwepo, mozungulira kadzenje kaja, n'kukatseka. Antibodi sagwira chilichonse chimene wakumana nacho. Amagwira malo amene akugwirizana ndendende ndi kaumbidwe kake, monga mpini umene unabooledwa poyeza khasu limodzi. Khasu likasintha msuka pang'ono, mpini uja umayamba kugwedera.

Ndiye n'chiyani chimasintha msukawo? Malangizo opangira kachilombo ka fuluwenza analembedwa pa RNA, m'zidutswa zisanu ndi zitatu, zilembo zonse pamodzi pafupifupi 13,500. Kachilombo kakalowa m'selo, malangizowo amakoperedwa kambirimbiri. Maselo athu akamakopera malangizo awo amakhala ndi njira yobwerera m'mbuyo n'kufufuta pamene alakwitsa. Chokopera cha fuluwenza chilibe njira imeneyo. Chili ngati mwana wasukulu amene akukopera notsi pa bolodi mothamanga, osayang'ananso zimene walemba, kenako mnzake n'kukopera kwa iye, wina n'kukoperanso kwa mnzakeyo. Munthu mmodzi wodwala amatulutsa tizilombo mamiliyoni ambiri, choncho mwa iye yekha mumabadwa tizilombo tosawerengeka tosiyana ndi kholo lake pa chilembo chimodzi kapena ziwiri. Zolakwa zambiri zimalemaza kachilomboko ndipo kamafera pomwepo. Zina sizisintha kanthu. Koma mwa apo ndi apo cholakwa chimagwera pa chilembo chimene chimasintha kaumbidwe ka mutu wa hemagulutinini, pamalo enieni amene maantibodi amagwira.

Apa ndi pamene ife anthu timalowa m'nkhaniyi. Tayerekezani mzinda umene anthu ambiri anadwalapo fuluwenza ya mtundu wina zaka ziwiri zapitazo. Kachilombo ka mtundu womwewo kakabwerera, kamapeza makomo ambiri otseka. Koma kamene kali ndi mutu wosinthika pang'ono kamadutsa mwa ena amene mnzake walephera kuwagwira, kamaswana, n'kufalikira. Pakatha chaka kapena ziwiri, ndiko kamene katsala kokha. Kachilomboko sikachita dala, kalibe nzeru zozembera. Chitetezo cha anthu onse pamodzi ndicho ukonde, ndipo nsomba imene yapulumuka pa diso la ukonde ndiyo imaikira mazira a chaka chamawa. Kusintha kwa pang'onopang'ono kumeneku, kumene kumachititsa kuti maantibodi akale asakazindikire bwino kachilombo katsopano, akatswiri amakutcha antijeniki dirifiti.

Kulakwitsa pokopera pakokha sikufotokoza zonse, chifukwa kachilombo ka chikuku nakonso ndi ka RNA ndipo nakonso kamalakwitsa. Kusiyana kuli pawiri. Puloteni ya pakhungu la kachilombo ka chikuku silola kusinthidwa kwambiri, ikangokhudzidwa imasiya kugwira ntchito. Komanso maantibodi athu amaigwira pamalo ambiri nthawi imodzi, moti kuti kazembe kangafunike kusintha malo onsewo pamodzi. Mutu wa hemagulutinini ya fuluwenza ngwololera: mungausinthe apa ndi apo koma kadzenje kokolera selo kamagwirabe ntchito. Choipa china n'chakuti maantibodi a munthu mmodzi nthawi zambiri amaunjikana pa timalo tochepa chabe, ndiye kusintha kamodzi kokha kungathe kuchotsa mbali yaikulu ya chitetezo chake.

Kuchepa kwa timalo timeneti n'kodabwitsa. Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda chimene chapindidwapindidwa, mkanda uliwonse ndi amino asidi, ndipo akatswiri amaipatsa mikandayo manambala. Hemagulutinini ili ndi mikanda yoposa 500. H3N2 inalowa mwa anthu mu 1968, pa mliri umene unatchuka ndi dzina la Hong Kong. Mu 2004 gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Derek Smith linajambula mapu a mmene kachilomboka kanasinthira kuyambira 1968 mpaka 2003, ndipo linapeza kuti sikanayende mofanana chaka ndi chaka. Kankakhazikika zaka zingapo kenako n'kudumpha, moti m'zaka zonsezo munali magulu 11, lililonse lolamulira pafupifupi zaka zitatu. Mu 2013 ofufuza a ku Rotterdam anafunsa kuti ndi mikanda iti imene inachititsa kudumphako. Anapeza isanu ndi iwiri yokha: 145, 155, 156, 158, 159, 189 ndi 193, yonse yokhala m'mphepete mwa kadzenje kokolera selo. Nthawi zambiri kusintha mkanda umodzi kunali kokwanira kuyambitsa gulu latsopano. Sungani manambala 158 ndi 159, tikumana nawonso.

Pali kusintha kwina, kwadzidzidzi, kumene anthu amakusokoneza ndi uku. Tizilombo tiwiri tosiyana, mwachitsanzo ka mbalame ndi ka munthu, tikalowa m'selo limodzi, timatha kusinthana zidutswa zija zisanu ndi zitatu, n'kutuluka kachilombo kokhala ndi hemagulutinini imene anthu ambiri sanaionepo. Kumeneko amakutcha shifiti, ndipo ndiko kunabweretsa miliri ya 1957, 1968 ndi 2009. Sikuchitika kawirikawiri, ndipo si chifukwa chimene katemera amasinthira chaka ndi chaka. Tikusiye pomwepo.

Funso lovuta ndi lakuti munthu amadziwa bwanji kuti kachilombo kasintha mokwanira kusokoneza katemera. Kuwerenga zilembo za RNA n'kosavuta masiku ano, koma zilembo zokha sizinena ngati maantibodi agwira kapena ayi. Pamafunika kuyesa. Amagwiritsa ntchito kanyama kotchedwa fereti, kooneka ngati likongwe, kamene kamadwala fuluwenza mofanana ndi munthu, kutentha thupi ndi kuyetsemula komwe. Amatenga fereti amene sanadwalepo fuluwenza, n'kumupatsira kachilombo ka mukatemera. Pakatha milungu iwiri amatenga magazi ake n'kupatula madzi ake, momwe muli maantibodi. Ndiye pali khalidwe lina la hemagulutinini limene limathandiza: ikakumana ndi maselo ofiira a magazi, kaya a nkhukundembo kapena a mbira, imawamata pamodzi. Maantibodi akaigwira, imalephera kuwamata. Choncho amasungunula madzi a magazi a fereti aja mowirikiza, gawo limodzi mwa 10, mwa 20, mwa 40, mwa 80, mpaka patali, n'kuthira kachilombo ndi maselo ofiira m'timaenje ta mbale ya pulasitiki. Amaona pamene madzi osungunuka kwambiri akadaletsabe kumatako.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione kawerengedwe kake. Madzi a fereti akuletsa kachilombo ka mukatemera mpaka pa 1,280. Kachilombo kotengedwa kwa wodwala wa mzinda wina kakuletsedwa mpaka pa 640. Kusiyana n'kowirikiza kawiri kokha, kumene kungabwere ngakhale ndi dzanja la woyeza, ndiye amati n'tofanana. Koma kachilombo ka wodwala wina kakuletsedwa mpaka pa 160 basi. Apo pafunika maantibodi owirikiza kasanu ndi katatu kuti agwire ntchito yomweyo, ndipo kachilombo kotero amakaika m'gulu la timene tasiyana ndi katemera. Timeneti tikayamba kuchuluka m'mayiko angapo, nthawi yosintha katemera yakwana. Njirayi ili ndi chilema chake, chimene tichione m'munsimu: fereti wa m'labotale wakumana ndi kachilombo kamodzi kokha moyo wake wonse, pamene munthu wa zaka 40 wakumana ndi tambiri.

Ntchito imeneyi imayenda kudzera mu mgwirizano wa malabotale umene WHO inakhazikitsa mu 1952. Malabotale a m'mayiko oposa 100, kuphatikizapo ya ku Johannesburg, amatola mamina a odwala chaka chonse n'kutumiza tizilombo tina ku malikulu monga a ku London, Atlanta, Melbourne, Tokyo ndi Beijing. Kawiri pachaka akatswiri amakumana. Mu Febuluwale amasankha tizilombo ta katemera wa mayiko a kumpoto kwa dziko lapansi, amene nyengo yawo ya fuluwenza imayamba cha mu Novembala. Mu Seputembala amasankha ta mayiko a kumwera, kumene fuluwenza imakula m'miyezi yozizira ya pakati pa chaka. Amasankha msanga chonchi chifukwa kupanga katemera kumatenga miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Katemera wambiri amapangidwabe m'mazira a nkhuku okhala ndi mwanapiye wa masiku 9 mpaka 11 m'kati: amabaya kachilombo m'dzira, kamaswana masiku awiri kapena atatu, amakolola madziwo, kupha kachilomboko, kuyeretsa, kuyeza mphamvu, kenako kuthira m'mabotolo. Mazirawo ndi mamiliyoni mazanamazana. Ndiye amene akusankha mu Febuluwale akulosera za kachilombo kamene kadzalamulire mu Januwale wa chaka chotsatira. Zaka zambiri amalasa pafupi. Mu 2014 anaphonya, ndipo kuphonya kumeneko kukuonetsa nkhani yonseyi bwino kuposa chaka chilichonse chimene zinayenda.

Mu Febuluwale 2014 akatswiri anasankha kuti mbali ya H3N2 ya katemera wa kumpoto ikhalebe A/Texas/50/2012, monga chaka chapitacho. Dzinali limangotanthauza mtundu A, kopezeka ku Texas, nambala 50 ya m'labotale, chaka cha 2012. Chisankhocho chinali chomveka, chifukwa pafupifupi tizilombo tonse timene anayeza nthawi imeneyo tinkagwirizana nako. Kumapeto kwa Malichi, mafakitale atayamba kale ntchito, malabotale anayamba kuona tizilombo tochepa timene madzi a fereti wa Texas sankatigwira bwino. Tinali ta nthambi ziwiri, zimene anazipatsa mayina akuti 3C.3a ndi 3C.2a. Pofika Seputembala tinali titachuluka moti pa msonkhano wa katemera wa kumwera anachotsa Texas n'kuikapo A/Switzerland/9715293/2013. Koma katemera wa kumpoto anali ali kale m'zipatala, anthu akubayidwa. Kumayambiriro kwa Disembala bungwe loona za matenda ku America la CDC linachenjeza madokotala kuti 52 pa 100 ya tizilombo ta H3N2 timene linayeza tinali tosiyana ndi ka mukatemera, n'kuwalangiza kuti asachedwe kupereka mankhwala olimbana ndi fuluwenza kwa odwala amene ali pa chiopsezo. Pofika kumapeto kwa nyengoyo, tosiyanato tinali topitirira 80 pa 100.

Chimene chinasintha chinali pa mikanda ija. Pa 159, kachilombo ka Texas kanali ndi amino asidi yoimiridwa ndi chilembo F. Mu nthambi ya 3C.3a inasanduka S, mu 3C.2a inasanduka Y, ndipo akatswiri amalemba kusinthaku mwachidule kuti F159S ndi F159Y. Nthambi ya 3C.2a, imene inadzalamulira ku America, inali ndi kusintha kwinanso pafupi pomwepo, K160T, ndipo uku ndiko kochititsa chidwi. Maselo athu ali ndi lamulo lakuti akaona mkanda wa amino asidi yoimiridwa ndi N, kenako mkanda wina, kenako T kapena S, amamangirira kanthambi ka shuga pa N uja. Pa 158 panali N kale. T atafika pa 160, lamulo linakwanira, ndipo selo la wodwala linayamba kuveka hemagulutinini chipewa cha shuga pa 158, pamwamba penipeni pa malo amene maantibodi ambiri ankagwira. Shuga ameneyu ndi wopangidwa ndi thupi lathu lomwe, choncho chitetezo sichimuona ngati mlendo. Maantibodi analipo, ambiri ndithu, koma malo awo ogwira anali ataphimbidwa.

Zotsatira zake zinaoneka m'manambala. Ku America, m'nyengo ya 2014 mpaka 2015, katemera anachepetsa mwayi wodwala fuluwenza yofikitsa munthu kwa dokotala ndi 19 pa 100 yokha, ndipo pa H3N2 payokha chinali pafupifupi 6 pa 100, kumene sikusiyana kwenikweni ndi kusabayidwa. Mbali ya B ndiyo inakweza chiwerengerocho. Tanthauzo la 19 pa 100 si lakuti anthu 81 mwa 100 obayidwa anadwala. Ndi lakuti ngati m'gulu la osabayidwa mukanadwala anthu 100, m'gulu lofanana nalo la obayidwa mukanadwala 81. Poyerekeza, kafukufuku wa 2016 amene anasonkhanitsa zotsatira za zaka zambiri anapeza kuti katemera amateteza pafupifupi 61 pa 100 ku H1N1 ya 2009, 54 pa 100 ku mtundu B, koma 33 pa 100 yokha ku H3N2. H3N2 ndiye mwana wovuta m'banjali, ndipo ndiye amagoneka okalamba ambiri m'zipatala.

Munthu angaganize kuti vuto linatha pamene akatswiri anasankha kachilombo ka nthambi ya 3C.2a, A/Hong Kong/4801/2014, kuti kalowe m'katemera kuyambira 2016. Pa pepala kanali kolondola, kokhala ndi chipewa cha shuga chija. Koma kanayenera kudutsa m'mazira. Maselo a m'dzira la nkhuku ali ndi zogwirira za mtundu wa mbalame, zosiyana pang'ono ndi za pakhosi pa munthu, ndipo kachilombo ka munthu kamavutika kuswana m'menemo. Ukonde uja unagwiranso ntchito, ulendo uno m'kati mwa dzira: timene tinaswana bwino ndi timene tinalakwitsa pokopera n'kubweza T wa pa 160 kukhala K. Lamulo la shuga linasweka, chipewa chinagwa. Ndiye anthu anabayidwa hemagulutinini ya mutu wosavala, matupi awo n'kupanga maantibodi ambiri olunjika pamalo oonekera aja, pamene kachilombo koyenda m'misewu kanali kovala. Gulu la Scott Hensley ku Philadelphia linasonyeza zimenezi mu 2017, ndipo linapezanso kuti anthu amene analandira katemera wopangidwa popanda mazira, amene hemagulutinini yake inali ndi shuga uja, anali ndi maantibodi ogwira bwino kachilombo koyendako. Chaka chomwecho ku Australia kunali nyengo yoopsa ya fuluwenza, ndipo kuyeza koyamba kunasonyeza kuti katemera anateteza pafupifupi 10 pa 100 ku H3N2.

Sindinganene kuti dzira lokha ndilo linalakwa, popeza mbiri ya chitetezo cha anthu obayidwawo nayo inali ndi mbali yake. Koma phunzirolo linamveka. Masiku ano WHO ikamalengeza chisankho chake imatchula mndandanda wa tizilombo ta katemera wa m'mazira ndi mndandanda wina wa katemera wopangidwa m'maselo kapena popanda kuswanitsa kachilombo ka fuluwenza. Mazira sanasiyidwe, chifukwa ndi otchipa ndipo mafakitale ake alipo kale padziko lonse. Kwa ine ichi ndicho chofooka chachikulu chimene chili m'manja mwa anthu kuchikonza. Kulakwitsa kwa kachilombo sitingakuletse, koma miyezi isanu ndi umodzi ija ndi dzira lija n'zathu.

Tsopano za thupi la munthu payekha. Dirifiti sifafaniza chitetezo chonse tsiku limodzi, imachikukuta. Amene anadwala H3N2 zaka zitatu zapitazo akadali ndi maantibodi ena ogwira malo amene sanasinthe, ena ogwira nyuraminidezi, komanso maselo ena a chitetezo, otchedwa maselo a T, amene amazindikira mapuloteni a m'kati mwa kachilombo, omwe sasinthasintha. Zimenezi sizingamuletse kutenga matenda, koma nthawi zambiri zimachepetsa ukali wake. N'chifukwa chake munthu wamkulu wathanzi sadwala fuluwenza chaka chilichonse, pamene ana aang'ono, amene sanakumanepo nayo, amaitenga pafupipafupi n'kuibweretsa kunyumba. N'chifukwa chakenso katemera wosagwirizana bwino ndi kachilombo ka chaka chimenecho amathabe kuchepetsa kugonekedwa m'chipatala, ndipo mbali zake zina, za H1N1 ndi B, zimakhala zikugwirabe ntchito.

Pali chinthu china chachilendo. Thupi limakakamira fuluwenza yoyamba imene linakumana nayo paubwana. Likakumana ndi kachilombo kofananako pambuyo pake, limathamangira kudzutsa maselo akale okumbukira m'malo mophunzira zatsopano zonse. Thomas Francis, mmodzi wa amene anapanga katemera woyamba wa fuluwenza m'zaka za m'ma 1940, analemba za khalidweli mu 1960 n'kulifanizira ndi tchimo lobadwa nalo. Nthawi zina limapindulitsa. Pa mliri wa 2009 okalamba ambiri sanadwale monga ankayembekezera, chifukwa H1N1 imene anakumana nayo ali ana, chaka cha 1950 chisanafike, inali yofananako ndi yatsopanoyo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu a zaka zoposa 60 amene anayezedwa ku America anali kale ndi maantibodi oigwira. Nthawi zina limapweteketsa, thupi likamalimbikira kupanga maantibodi a malo amene kachilombo kanasintha kale. Apa ndiye pali chilema cha fereti chija. Kusintha kumene fereti sakukuona kungakhale kwakukulu kwa anthu obadwa m'zaka zinazake, ndipo n'chifukwa chake masiku ano amayezanso ndi magazi a anthu obayidwa a misinkhu yosiyanasiyana.

Si chaka chilichonse chimene katemera amasintha. Kachilombo ka A/California/7/2009 kanakhala m'katemera ngati mbali ya H1N1 kuyambira 2010 mpaka kanadzachotsedwa pa katemera wa 2017. Ngakhale zili choncho anthu ankauzidwabe kubayitsa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa chake n'chachiwiri, chosakhudzana ndi dirifiti: maantibodi a katemerayu amakwera pakatha milungu iwiri, kenako amatsika m'miyezi yotsatira, makamaka mwa okalamba, moti pofika nyengo ina amakhala achepa. Komanso katemera mmodzi amanyamula tizilombo titatu, ndiye n'kawirikawiri kuti kamodzi mwa ito kasinthidwe. Kwa zaka zingapo tinali tinayi, chifukwa mtundu B unali ndi nthambi ziwiri, Victoria ndi Yamagata. Yamagata sinapezekenso motsimikizika kuyambira Malichi 2020, pamene anthu anatsekeredwa m'nyumba ndi kuvala zotseka pakamwa chifukwa cha Kovidi, ndipo mu Seputembala 2023 WHO inalangiza kuti ichotsedwe m'katemera.

Amene anabayidwa n'kudwalabe angadziwe bwanji chimene chachitika? Ndi zizindikiro zokha sangadziwe. Mwina anatenga kachilombo milungu iwiri ija isanathe. Mwina si fuluwenza ayi koma kachilombo kena ka chimfine kapena Kovidi. Mwina ndi fuluwenza imene yasiyana ndi katemera, kapena chitetezo chake sichinakwere mokwanira. Chimene sichingatheke n'chakuti jakisoniyo wamupatsa fuluwenza, popeza mulibe kachilombo kamoyo. Kupweteka kwa mkono ndi kutentha thupi pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi thupi likuyankha. Chosiyanitsa zonsezi ndi kuyeza mamina ku labotale. Ndipo kwathu kuno, kumene kutentha thupi ndi kuphwanya m'thupi timathamangira kukutcha malungo, kuyeza magazi n'kupeza kuti malungo mulibe, pamene chifuwa ndi pakhosi zavuta mwadzidzidzi, n'chifukwa chokwanira choganizira fuluwenza, makamaka kwa munthu amene ali ndi HIV kapena mayi woyembekezera.

Kalendala ya mbali ziwiri ija imakhudza anthu oyendayenda. Ku Britain katemera amaperekedwa kuyambira cha mu Seputembala ndi Okutobala, wosankhidwa mu Febuluwale wapitayo. Ku South Africa amafika cha mu Malichi kapena Epulo, wosankhidwa mu Seputembala wa chaka chapita, kuti anthu akhale atatetezeka nyengo yozizira isanayambe. Pa bokosi la katemera pamalembedwa nyengo yake ndi mayina a tizilombo timene tili m'katimo, ndipo amatha ntchito chaka chisanathe. Munthu amene anabayidwa ku Manchester mu Okutobala 2014 n'kupita kukacheza ku Johannesburg mu Juni 2015 anafika ndi maantibodi a Texas a miyezi isanu ndi itatu, pamene abale ake kumeneko anali atangobayidwa kumene katemera wokhala ndi A/Switzerland/9715293/2013.